Phokoso la mumtima: liti losaopsa, liti lochenjeza?

Kholo likauzidwa kuchipatala kuti mtima wa mwana wake ukumveka kaphokoso kena kachilendo, mutu umaima. Ena amayamba kuwerengera ndalama za opaleshoni ya kunja asanatuluke n'komwe pachipata. Ena akangofika kunyumba amamuletsa mwana mpira, fulaye ndi kuthamanga kulikonse. Komatu madokotala a ana amadziwa kuti ana ambirimbiri athanzi amamveka phokoso lotere nthawi ina pa kukula kwawo, pamene obadwa ndi chilema chenicheni cha mtima ndi pafupifupi mmodzi pa ana 100 alionse.

Ngakhale zili choncho, phokosoli silofunika kulipeputsa. Kuno kwathu matenda a mtima oyamba chifukwa cha zilonda zapakhosi akadali ofala pakati pa ana a sukulu, ndipo nthawi zambiri chizindikiro chawo choyamba chimakhala phokoso lomweli. Makina a eko, ojambula mtima ukugwira ntchito, amapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Choncho amene amagamula kuti uyu apite kutauni, uyu abwerere kunyumba, ndi kiliniko ofesa kapena namwino wa pachipatala chaching'ono, ali ndi sitetosikopu m'khosi. Chida chimenechi anachiyambitsa René Laennec ku Paris mu 1816, ndipo mpaka lero luso lochigwiritsa ntchito lagona pa chinthu chimodzi: asanamvetsere phokoso lachilendolo, woyezayo amayamba wapeza kaye kugunda kuwiri kwa mtima, kenako n'kufunsa kuti phokosolo lakhala pati pakati pa kugundako, ndipo lakusiya bwanji.

Kugunda kuwiri

Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri zam'mwamba zolandira magazi ndi ziwiri zam'munsi zopopa. Uli ndi mavalavu anayinso, omwe ntchito yawo ndi kuonetsetsa kuti magazi akupita kutsogolo kokha, osabwerera. Valavu yabwinobwino ikamatseguka simveka. Imamveka ikamatsekeka.

Zipinda zam'munsi zikayamba kufinya, mavalavu awiri a pakati pa zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi amatsekeka. Ya kumanzere ndi maitirolo, ya kumanja ndi tirayikasipidi. Kutsekeka kwawo ndiye kugunda koyamba, kolemera ndi kotalikirapo pang'ono, kuti "dumu". Magazi akatha kutuluka, mavalavu ena awiri a potulukira amatsekeka nawonso: ya pamtsempha waukulu wa aota, umene umagawa magazi thupi lonse, ndi ya pamtsempha wopita m'mapapo. Uku ndiye kugunda kwachiwiri, kwakufupi ndi kwakuthwa, kuti "ta". M'kabuku ka kuchipatala amalemba S1 ndi S2.

Kuchokera pa "dumu" kukafika pa "ta" ndi nthawi yofinya, pamene mtima ukutulutsa magazi. Kuchokera pa "ta" kukafika pa "dumu" wotsatira ndi nthawi yodzaza, pamene mtima wamasuka ndipo ukulandira magazi ena. Mu nthawi zonse ziwirizi mumayenera kukhala zii. Phokoso tikunenali ndi mkokomo wa magazi amene asiya kuyenda mwabata n'kuyamba kuvunduka, monga achitira madzi a mumtsinje akafika pamalo opanikizika kapena mvula ikawachulutsa. Kusiyana kwake kuli pomwepo: pena vuto ndi njira imene yachepa kapena yabooka, pena njira ili bwinobwino koma magazi ndiwo akuthamanga.

Kwa munthu wamkulu amene mtima wake ukugunda ka 70 pa mphindi, kusiyanitsa nthawi ziwirizi sikuvuta, chifukwa yofinya ndi yaifupi kuposa yodzaza. Koma kwa mwana wotentha thupi amene mtima ukugunda ka 140, mipata yonse iwiri imakhala ngati yofanana, ndipo n'zosavuta kusokoneza "dumu" ndi "ta". N'chifukwa chake woyeza waluso amaika chala pamtsempha wa m'khosi uku akumvetsera. Kugunda kumene kukubwera pamodzi ndi kukankha kwa mtsemphawo ndiko koyamba. Mtsempha wa padzanja sathandiza kwenikweni pa ntchito imeneyi, poti magazi amafikako mochedwerapo.

Funso loyamba: phokosolo lili mbali iti ya "ta"?

Lamulo lodalirika koposa onse ndi ili: phokoso lomveka mu nthawi yodzaza, "ta" atamveka kale, limatengedwa kuti ndi la matenda mpaka eko itatsutsa. Chifukwa chake n'chosavuta. Mtima ukamafinya, magazi amatuluka mwamphamvu, ndipo ngakhale valavu yabwino ikhoza kusokosera. Koma ukamadzaza, magazi amalowa mofatsa. Kuti asokosere nthawi imeneyo, ndiye kuti valavu ya potulukira ikudontha n'kumabweza magazi, kapena ya polowera yachepa.

Valavu ya aota ikamadontha, phokoso limayambira pa "ta" penipeni n'kumazilala, kuti "dumu-ta-fuu". N'lofewa kwambiri, ndipo limamveka bwino wodwala akakhala tsonga, n'kuweramira kutsogolo, n'kutulutsa mpweya wonse. Valavu ya maitirolo ikachepa, phokoso limabwera mochedwerapo, lolemera ngati kulindima kwa patali. Kuti alimve, woyeza amamugonetsa wodwala chammbali, cha kumanzere, n'kuika mbali yaing'ono ya sitetosikopu mopepuka pansi pa bere lamanzere. Pa vutoli kugunda koyamba kumakhala kokweza modabwitsa, chifukwa valavu youmayo imatsekeka mwaphuma ikadali yotseguka kwambiri.

Limeneli ndilo phokoso limene anamwino a kusikelo ya amayi oyembekezera ayenera kulisaka. Pa nthawi ya pakati magazi a mayi amachuluka ndi pafupifupi theka, kotero kaphokoso kofewa ka mu nthawi yofinya kamamveka mwa amayi ambiri ndipo kamatha akachira. Koma valavu ya maitirolo yochepa imalephera kudutsitsa magazi ochulukawo, madzi amadzaza m'mapapo, ndipo mayi amene anali wabwinobwino asanaime akhoza kubanika m'miyezi yomaliza kapena pochira.

Funso lachiwiri: kodi "dumu" akumveka payekha?

Phokoso la mu nthawi yofinya ndilo lofala, ndipo ndi mmene muli osaopsa ndi oopsa omwe. Apa kugunda koyamba ndiko kumathandiza.

Mtima ukayamba kufinya, magazi satuluka nthawi yomweyo. Pamapita kamphindi kochepa zedi mavalavu onse anayi ali otseka, mphamvu ikukwera, valavu ya potulukira isanatseguke. Choncho phokoso la magazi otuluka panjira yake limayamba "dumu" atamveka kale, limakwera, limatsika, n'kutha "ta" asanafike. Khutu limamva zinthu zitatu zosiyana: "dumu", kenako "fu", kenako "ta". Maphokoso osaopsa a mu nthawi yofinya amamveka chonchi.

Koma ngati valavu ya maitirolo ikudontha, kapena pali bowo pakhoma la pakati pa zipinda zam'munsi, magazi sadikira valavu iliyonse. Amayamba kuthawa mtima ukangoyamba kufinya, ndipo sasiya mpaka kufinyako kutatha. Phokoso limayambira pa "dumu" penipeni, mwina n'kumukwirira, n'kupitirira mosasintha mpaka pa "ta": "fuuu-ta". Phokoso lodzaza nthawi yonse yofinya chonchi silikhala losaopsa.

Tiyerekeze ana awiri amene afika pachipatala chaching'ono m'mawa umodzi.

Woyamba ndi mnyamata wa zaka zisanu. Thupi latentha kufika madigiri 39, malungo apezeka, m'zikope ndi m'manja mwayera. Kiliniko ofesa akumva phokoso kumanzere kwa fupa la pakati pa chifuwa, cha kumunsi. Waika chala pakhosi ndipo wapeza kuti lili mu nthawi yofinya. "Dumu" akumveka bwino payekha, phokoso n'lalifupi, lonjenjemera mokoma, ndipo "ta" akumveka bwinonso pambuyo pake. Waika chikhatho pachifuwa, palibe kunjenjemera kulikonse. Wamvetsera kukhwapa, m'khosi ndi kumsana, kulibe kanthu. Ndiye akumuuza mwanayo kuti adzuke aimirire, ndipo phokoso lija lachepa mpaka kutsala pang'ono kuzimirira. Izi zikutero chifukwa munthu akaimirira magazi obwerera kumtima amachepa, ndipo phokoso lobwera ndi kuchuluka kwa magazi limachepa nawo.

Limeneli ndi phokoso limene dokotala wa ana wa ku London, George Frederic Still, analifotokoza mu 1909, ndipo mpaka pano limadziwika ndi dzina lake. Limakonda ana a zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri, limakula mwana akatentha thupi, akachepa magazi kapena akathamanga, ndipo nthawi zambiri limatha lokha akamasinkhuka. Mnyamatayu akufunika mankhwala a malungo, kenako owonjezera magazi, ndi tsiku lodzabweranso kuti adzamumvetsere atachira. Ngati akukula bwino, akusewera ndi anzake osabanika, palibe chomuletsera mpira.

Wachiwiri ndi mtsikana wa zaka 12. Mayi ake akuti masiku ano akumatopa msanga akamachokera kumjigo, ndipo usiku akufuna mapilo awiri. Atafunsidwa bwino, akukumbukira kuti chaka chatha anadwala pakhosi, ndipo patapita masabata ngati atatu bondo linatupa, litaphwa kunatupa kakolo, kenako chigongono. Anamugulira panado, zinatha. Kiliniko ofesa akupeza kuti nsonga ya mtima, imene imayenera kugunda pansi pa bere lamanzere, yasunthira chakukhwapa, kusonyeza kuti mtima wakula. Akamvetsera pamenepo, "dumu" sakumveka bwino, wamira mu phokoso lopemerera limene likupitirira mpaka pa "ta". Akasuntha sitetosikopu kulowera kukhwapa, phokosolo likumutsatira. Mtsikanayo kaya agone kaya aimirire, silikuchoka.

Iyi ndi valavu ya maitirolo yodontha, ndipo mbiri yake ikuloza ku matenda a lumatiki. Tizilombo ta sitirepitokokasi wa gulu A timayambitsa zilonda zapakhosi, ndipo chitetezo cha thupi polimbana nato chimaphonya n'kuyamba kuwononga mfundo ndi mavalavu a mtima. Mfundo zimachira, koma valavu imatsala ndi zipsera, ndipo matendawa akabwereranso zipserazo zimawonjezeka. Mtsikanayu akufunika kalata yopita ku eko, komanso jakisoni wa benzathini penisilini pakatha masabata atatu kapena anayi alionse, kwa zaka zosachepera khumi. Jakisoniyo sakonza valavu imene yawonongeka kale. Ntchito yake ndi kuletsa tizilombo tija kubweranso.

Funso lachitatu: "ta" akutani munthu akamapuma?

Kugunda kwachiwiri n'kumene kuli ndi nkhani zambiri, koma n'kumenenso anthu othamanga amakudumpha. Ngakhale kumamveka ngati kumodzi, kumachokera ku mavalavu awiri, ya aota ikutsogola, ya m'mapapo ikutsatira. Munthu akakoka mpweya, magazi ambiri amalowa mbali yakumanja ya mtima, mbaliyo imachedwerapo kumaliza kupopa, ndipo valavu ya m'mapapo imatsekeka mochedwa pang'ono. "Ta" amagawika n'kukhala "tara". Akatulutsa mpweya, awiriwo amaphatikananso n'kubwerera kukhala "ta". Izi zimamveka bwino kumanzere kwa fupa la pakati pa chifuwa, cha kumtunda, pakati pa nthiti yachiwiri ndi yachitatu. Kugawika kobwera ndi kupita motsatira mpweya chonchi ndi chizindikiro cha mtima wabwino, ndipo mwa ana ndi achinyamata kumamveka mosavuta.

Ubwino wodziwa zimenezi umaonekera pa vuto limodzi lonyenga kwambiri, la bowo pakhoma la pakati pa zipinda zam'mwamba. Bowo limeneli palokha silisokosera. Chimene chimamveka ndi magazi owonjezera amene adutsa pabowopo akamatuluka pavalavu ya m'mapapo, yomwe ili bwinobwino. Ndiye phokoso lake n'lofewa, lalifupi, la mu nthawi yofinya, losiyana ndi "dumu", ndipo limamveka pamalo omwe pamamveka phokoso losaopsa la achinyamata owonda ndi amayi oyembekezera. Mukangomvetsera phokoso lokhalo, simungawasiyanitse. Koma kugunda kwachiwiri kumaulula: mbali yakumanja imakhala yodzaza nthawi zonse, choncho "tara" amakhala wotambasuka ndipo sasintha, kaya munthu akukoka mpweya kaya akutulutsa. Anthu ambiri a vutoli amakula osadziwa kanthu mpaka atayamba kubanika ali akuluakulu, pamene mwina masekondi 20 omvetsera kugunda kwachiwiri ali ana akanawatumiza ku eko nthawi ikadalipo.

Mphamvu ya kugundako nayo imanena zake. Gawo lachiwiri la "tara" likakhala lokweza kwambiri, mpaka kumveka kunsonga ya mtima kapena kukhudzika ndi chala, ndiye kuti magazi akuthamanga mopanikizika m'mitsempha ya m'mapapo. Zimenezi zimachitika valavu ya maitirolo ikhala yochepa kwa nthawi yaitali, kapena bowo lalikulu likakhala zaka osatsekedwa.

Kwa agogo nkhani imatembenuka. Achikulire ambiri ali ndi phokoso kumanja kwa fupa la pachifuwa, cha kumtunda, chifukwa valavu ya aota imakhuthala ndi ukalamba. Ngati yangokhuthala koma ikutseguka bwino, phokoso limafika pachimake koyambirira, n'kutha msanga, ndipo "ta" amamveka mwamphamvu. Koma ngati yauma n'kuchepa, mtima umavutika kukankha magazi, phokoso limatalika, limafika pachimake mochedwa, limamveka mpaka m'khosi, ndipo "ta" amafooka kapena kusoweratu, poti valavu youma siyenda mokwanira kuti itsekeke ndi mphamvu. Agogo otere akayamba kumva kupweteka pachifuwa, kubanika kapena kukomoka pokwera chitunda, asachedwetsedwe.

Pali phokoso linanso limene silisamala za "ta" n'komwe, limangomudutsa n'kupitirira. Likamveka pansi pa fupa la m'khosi lakumanzere, likukwera pofika pa "ta" ngati makina, nthawi zambiri ndi kamtsempha kolumikiza aota ndi mtsempha wa m'mapapo, kamene kamayenera kutsekeka mwana akangobadwa koma sikanatseke. Koma ana ambiri athanzi alinso ndi kung'ung'udza kosalekeza m'munsi mwa khosi, makamaka kumanja, kochokera ku magazi otsika kumutu. Kuwasiyanitsa n'kosavuta: mwana akagona chagada, akatembenuza mutu, kapena woyeza akadina pang'ono mtsempha wa m'khosiwo, kung'ung'udza kosaopsako kumangoti zii. La kamtsempha kosatseka lija silisintha.

Kukula kwa phokoso kumanyenga

Kuchokera pa ntchito ya dokotala wa ku Boston, Samuel Levine, mu 1933, maphokoso amapatsidwa manambala kuyambira 1 mpaka 6. La 1 limamveka movutikira m'chipinda chopanda phokoso, la 6 limamveka sitetosikopu isanakhudze n'komwe khungu. Kuyambira pa 4, chikhatho chimamva chifuwa chikunjenjemera. Maphokoso osaopsa amakhala a 1 kapena 2, mwa apo ndi apo 3 mwana akatentha thupi, ndipo sanjenjemeretsa chifuwa. Makolo akaona "2/6" m'kabuku, tanthauzo lake ndi limenelo.

Koma pakati pa maphokoso a matenda, lalikulu sindilo loopsa nthawi zonse. Kabowo kakang'ono pakati pa zipinda zam'munsi kamasokosera kwambiri chifukwa magazi amadutsapo mopanikizika, mwanayo ali wonenepa bwino, ndipo timabowo tambiri totere timatsekeka tokha. Bowo lalikulu likhoza kumveka mofewa, khanda likulephera kuyamwa, likutuluka thukuta pamphumi, sikelo yake isakukwera. Mtima ukafooka kwambiri, phokoso limene linali lalikulu limatha kuchepa chifukwa mphamvu yokankha magazi yatha. N'chifukwa chake funso la kukula kwa phokoso limabwera pambuyo pa mafunso atatu aja.

Pamene khutu limalekezera

Malamulo onsewa amagwira bwino ntchito kwa mwana wopitirira chaka chimodzi amene alibe dandaulo lina. Kwa khanda, mtima umagunda mothamanga, kayendedwe ka magazi kakadali kusintha, ndipo zilema zina zoopsa kwambiri sizisokosera n'komwe. Khanda lomveka phokoso liyenera kuonedwa ndi dokotala wa ana, ndipo likakhala ndi milomo kapena lilime lobiriwira, kupuma mothamanga kapena kutopa poyamwa, nkhaniyo ndi ya tsiku lomwelo. Chimodzimodzi munthu wa msinkhu uliwonse amene akubanika, kutupa miyendo, kukomoka pothamanga, kapena amene m'banja mwawo wina anamwalira mwadzidzidzi ali wachinyamata. Mnyamata wosewera mpira amene phokoso lake likukula akaimirira, m'malo mochepa, asiye kaye masewero mpaka ataunikidwa, chifukwa chimenecho chikhoza kukhala chizindikiro cha mnofu wa mtima wokhuthala mopitirira.

Ndiponso mtima wosamveka phokoso si umboni wakuti mavalavu ali bwino. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2007 anayeza ana a sukulu oposa 2,000 ku Maputo, m'dziko la Mozambique. Poyamba ndi sitetosikopu, matenda a lumatiki anapezeka mwa ana awiri okha pa 1,000 alionse, koma poyeza onse ndi eko anapezeka mwa ana pafupifupi 30 pa 1,000. Kafukufuku wina wa eko m'boma la Lilongwe, wosindikizidwa mu 2016, anapeza zizindikiro zoyambirira za matendawa mwa ana oposa atatu pa 100 alionse. Valavu imayamba kuwonongeka mwakachetechete khutu lisanamve kanthu, choncho mwana amene anatupapo mfundo mosinthanasinthana pambuyo pa zilonda zapakhosi ayenera kuunikidwa ngakhale "dumu" ndi "ta" akumveka bwinobwino.

Kholo limene lauzidwa za phokosoli lili ndi ufulu wofunsa mafunso omwewo amene woyeza amadzifunsa: lili mu nthawi yofinya kapena yodzaza, kugunda koyamba ndi kwachiwiri kukumveka bwino, likusintha mwana akaimirira, ndipo magazi ake ndi okwanira? Lipemphe kuti mayankhowo alembedwe m'kabuku ka kuchipatala pamodzi ndi kutentha kwa thupi kwa tsikulo. Mwana akadzabweranso patapita masabata angapo, malungo atatha ndi magazi atabwerera, womumvetsera adzakhala ndi poyerekezera, ndipo ngati phokosolo lidzakhale litakula kapena litasintha malo, kalata ya ku eko ilembedwe tsiku lomwelo.